Kudziwitsa mlendo wodzalankhula mphindi imodzi isanathe

Bungwe lathu lothandizana pa maliro limakumana Lamulungu loyamba la mwezi, masana, anthu akaweruka kutchalitchi. Holo yomwe timabwereka ku Mufakose, kuno ku Harare, ili ndi mipando ya pulasitiki, tebulo limodzi loyala nsalu yoyera kutsogolo, ndi chinkuzamawu chimene chimalira mokweza mukangochiyandikitsa ku sipika. Ena mwa ife amachokera ku Mabvuku ndi ku Tafara, ndiye kuti akwera makombi awiri, kutsika m'tauni n'kukweranso ina. Ikamati 4 koloko, mitima yawo imakhala ili kale pa siteji.

Chaka china tinaitana a loya kuti adzatifotokozere za zitupa. Wowadziwitsa kwa anthu ndinali ine. Ananditumizira mapepala awiri a mbiri yawo, ndipo poona kuti ulemu ndi kunena zonse, ndinawerenga zonse: sukulu zomwe anaphunzira, madigiri, misonkhano yomwe anapitako, makomiti omwe akhalamo. Kenako ndinawonjezera zomwe ndinkadziwa ine pa nkhani ya zitupayo. Mlembi wathu anandiuza pambuyo pake kuti ndinatha mphindi 9. Alendowo ataimirira anayamba ndi mawu akuti zambiri zanenedwa kale, ndipo nthawi ya mafunso itafika, a ku Mabvuku anali atanyamuka. Gogo wina amene anabwera ndi mapepala a mdzukulu wake mu jumbo anabwerera nawo osafunsa kanthu. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuiphunzira ntchito imeneyi ngati ntchito yeniyeni.

Chomwe ndinazindikira n'chakuti mawu odziwitsa mlendo timawalankhulira anthu okhala pa mipando aja. Mlendo amaidziwa kale mbiri yake. Amene sadziwa ndi mayi wakhala kumbuyo uja, mwana ali kumsana, amene mumtima akufunsa kuti, "Kodi ameneyu ndimumvere chifukwa chiyani?" Mukamuyankha funso limeneli, ntchito yanu yatha, ndipo kuyankhako sikufuna mphindi yopitirira imodzi.

Yambani masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike

Aimbireni foni alendowo. Musadalire pepala la mbiri lomwe atumiza, pakuti pepala lija linalembedwera ofuna kulemba anthu ntchito, osati ife. Kucheza kwa mphindi 5 kumakwanira, bola mufunse zoyenera.

Funso loyamba ndi la dzina: "Dzina lanu mumalitchula bwanji, ndipo mukufuna ndikutchuleni ndani pamaso pa anthu?" Kuno ku Harare funso limeneli si lamwambo chabe. Ife lilime lathu limapunthwa pa mayina a Chishona okhala ndi sv, zv ndi tsv, monga mmene amavutikira munthu wongofika kumene kuchokera ku Dedza potchula Masvingo kapena Zvishavane. Nawonso ana athu obadwira kuno amapunthwa pa mayina akwathu: dzina loyamba ndi Ng' amalitchula ngati Ng, ndipo mpweya uja wa ph, th ndi kh amausiya. Apempheni alitchule kawiri pa foni, inu mubwereze, iwo avomereze. Kenako lilembeni mmene likumvekera m'khutu mwanu, mogawa maphatikizo, ngakhale kalembedwe kake kenikeni kakhale kosiyana.

Udindo nawo mufunse. Alipo amene amafuna kutchulidwa Dokotala, alipo amene amati Mayi n'kokwanira. Abusa ndi abusa, a Shehe ndi a Shehe, ndipo kusokoneza m'busa ndi mlaliki kapena ndi mkulu wa mpingo kumasiya kachilonda kamene anthu a mpingowo saiwala msanga. Mayi wina amakondwa mukamutchula ndi mfunda, kuti NaPhiri kapena NaBanda, wina sakondwa nazo pagulu. Musaganizire nokha.

Funso lachiwiri: "Anthu akamatuluka muholo, mukufuna atuluke akudziwa chiyani?" Ambiri amayankha ndi mutu wa nkhani, kuti ndidzakamba za unzika. Musakhutire. Funsaninso kuti, "Nanga munthu amene wamva bwino, Lolemba m'mawa adzachita chiyani chomwe sakanachita?" Apa m'pamene mumamva yankho lenileni, loti adzadziwa mapepala oyenera kunyamula popita ku ofesi. Chiganizo chimenecho ndicho mtima wa mawu anu.

Funso lachitatu ndi lomwe limatulutsa golide: "Nkhani imeneyi munailowa bwanji?" Mvetserani modekha. Mwina anena kuti agogo awo anachokera ku Ntcheu. Mwina anena kuti amayi awo omwe anavutika ndi chitupa zaka zambiri. Mukamva chinthu chotere, pemphani chilolezo musanachinene pagulu. Zina munthu amakuuzani pa foni chifukwa wakukhulupirirani inuyo, osati holo yonse.

Pomaliza gwirizanani za nthawi: alankhula mphindi zingati, ndipo mafunso awalandira pakati kapena kumapeto.

Sankhani chinthu chimodzi, zinazo muzisiye

Apa m'pamene pali ntchito yowawa. Pa foni paja mwamva zinthu mwina 10 zosangalatsa, ndipo pa pepala pali zina 20. Mutenge chimodzi, zikachuluka ziwiri. Muyeso wake ndi wosavuta: chinthu chimenechi chikuthandiza anthu awa kukhulupirira munthu uyu pa nkhani iyi? Digiri ya zamalamulo a migodi ndi yaikulu, koma kwa gogo wofuna chitupa cha mdzukulu ilibe ntchito. Zaka 10 zothandiza mabanja kukonza zitupa, imeneyo ndiye ntchito. Mlendo akhala namwino wodzakamba za shuga, anthu safuna kudziwa chaka chomwe anamaliza maphunziro. Akufuna kudziwa kuti tsiku ndi tsiku amaona odwala shuga ndipo amadziwa zomwe munthu wodya nsima kawiri patsiku angakwanitse.

Chachiwiricho, ngati chilipo, chikhale chomumangiriza mlendoyo kwa ife. Kwa anthu akwathu okhala kuno, palibe chotsegula makutu kuposa kumva kwawo kwa munthu. Makolo athu ambiri anabwera m'dziko lino kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'nyumba za azungu, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena wapansi, ambiri a iwo m'zaka za chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ngakhalenso kale chisanayambe. Anachona, nabereka ife. N'chifukwa chake tikakumana funso loyamba limakhala lakuti, "Kumudzi n'kuti?" Mukangoti agogo awo anachokera ku Ntcheu, mumva kung'ung'udza kokoma kumbali ina ya holo, ndipo mlendo uja wasanduka mwana wa pakhomo asanatsegule pakamwa. Koma ngati alibe magazi akwathu, musawapangire chibale chabodza. Nenani chomwe chilipodi: akhala akugwira ntchito ndi anthu a ku Epworth, kapena anakulira ku Mbare pakati pa akwathu.

Mangani mawuwo motsatana chonchi

Ine ndimatsata ndondomeko imodzi nthawi zonse, ndipo sinandigwiritsepo mwala.

Moni ukhale wa mpweya umodzi. "Amayi ndi abambo, zikomo." Basi. Ndikudziwa kuti apa ena akwinya nkhope, chifukwa kwathu sitidumpha akuluakulu. Ndibwererako pansipa.

Mukatero yambani ndi anthuwo, osati ndi mlendo. Tchulani vuto lomwe lawakhalitsa pa mipando, m'mawu omwe iwo eni amalinenera kunyumba. Musati "nkhani ya unzika ndi yofunika kwambiri." Aliyense akhoza kunena zimenezo, ndipo palibe amene amadzuka nazo. Nenani zomwe zimachitikadi: mwana akafuna pasipoti, makolo tulo timasowa. Munthu akamva vuto lake likutchulidwa ndi dzina, amasiya foni n'kudzutsa mutu.

Kenako mlendo, ndi chinthu chimodzi chija. Kenako lonjezo, kutanthauza zomwe anthu atuluke nazo. Kenako nthawi ndi za mafunso, kuti amene ali ndi funso asunge mtima ndipo a ku Mabvuku adziwe kuti kombi aipeza. Dzina libwere kumapeto kwenikweni.

Za dzinali ndifotokoze, poti ambiri amayamba nalo. Anthu akangomva dzina, manja amayamba okha kuwomba, ndipo mlendo amayamba kudzuka pa mpando. Mukalitchula koyambirira, m'manja muja mumalira, mlendo amaima theka, inu mukupitiriza kulankhula, iye n'kukhalanso pansi mwamanyazi. Pofika kumapeto mulibenso chowombetsera m'manja. Dzina lili ngati kulira kwa ng'oma koitana wovina m'bwalo. Ikalira, wovina alowe.

Nachi chitsanzo chonse, momwe ndinanenera chaka chotsatira titawaitananso a loya aja. Dzina lawo ndaika Uje.

"Amayi ndi abambo, zikomo. Ambiri muno tinabadwira m'dziko lino, koma m'zitupa zathu muli chilembo chonena kuti ndife obwera. Mwana akafuna pasipoti, makolo tulo timasowa. Alendo athu lero ndi a loya amene kwa zaka 10 akhala akuthandiza mabanja ngati athu kukonza zitupa, ndipo agogo awo anachokera ku Ntcheu. Atiuza zimene malamulo aakulu a dziko a 2013 akunena za ife, ndi mapepala oyenera kunyamula popita ku ofesi. Ali ndi mphindi 20, mafunso pambuyo pake. Tiwalandire ndi m'manja, Mayi Uje."

Mawu ake sakufika 80. Ndikawanena modekha, ndikupuma pa mpumiro uliwonse, amanditengera masekondi pafupifupi 50.

Taonani chomwe sindinanene. Ine ndikudziwa kuti gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 limati munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Malawi ali mu SADC. Imeneyi ndi nkhani yokoma kwambiri kwa anthu athu, ndipo lilime limayabwa kufuna kuinena. Koma ndiyo nyama yomwe mlendo wanyamula. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mukamulanda kalumoko pakhomo, alowa m'nyumba chimanjamanja. Inu mungotchula kuti malamulo a 2013 ali ndi mawu pa ife, anthu atsale ndi njala yofuna kumva kuti mawuwo ndi otani.

Taonaninso kukula kwa lonjezo. Ndinati atiuza zomwe malamulo akunena ndi mapepala oyenera kunyamula. Sindinati atikonzera zitupa. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukanena mokokomeza kuti lero mavuto onse a zitupa atha, anthu amazitenga ngati zenizeni, ndipo msonkhano ukatha mlendo amazingidwa ndi anthu 30 aliyense ndi jumbo ya mapepala, akuyembekeza thandizo laulere lomwe iye sanalonjeze. Mwamuika m'ngongole yomwe sanatenge. Lonjezo lanu likhale lomwe iye anakuuzani pa foni, osawonjezera mchere.

Werengani mawu, yesani ndi wotchi

Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "tikawamvetsere" lili ndi maphatikizo 6. Choncho musatengere muyeso wa anthu olemba m'Chingerezi. Ine ndayesa kambirimbiri ndi wotchi ya pa foni, ndipo ndimapeza kuti polankhula modekha pagulu, mawu 80 mpaka 90 ndiwo amadzaza mphindi. Ndimalemba osapitirira 80, kuti patsale malo opumira ndi oyembekeza mwana akalira kapena mpando ukagwa.

Lembani pa pepala, muwerenge mawuwo limodzilimodzi ndi chala, ndipo muimirire n'kunena mokweza, wotchi ikuyenda. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa pakamwa. Nenani katatu. Ulendo woyamba mupeza pomwe lilime likupunthwa, musinthe liwulo. Ulendo wachiwiri mupeza chiganizo chomwe mpweya ukuthera pakati, muchidule pawiri. Ulendo wachitatu muuze munthu wa m'nyumba, ngakhale mwana wa sekondale, kenako mumufunse mafunso awiri: akubwera ndani, ndipo adzatiuza chiyani? Akalephera kuyankha limodzi mwa awiriwa, vuto lili m'mawu anu.

Ikapitirira mphindi, musathamangitse pakamwa. Chotsani. Choyamba kuchoka ndi mawu otamanda, monga wodziwika kwambiri, katswiri wa akatswiri, munthu wamkulu zedi. Mawu amenewa amadya nthawi koma sauza munthu kanthu, ndipo amamuika mlendo pamwamba pomwe kutsika kwake n'kovuta. Zaka 10 zothandiza mabanja zimatamanda zokha. Chachiwiri kuchoka ndi chilichonse chokhudza inuyo, monga momwe munadziwirana ndi momwe munavutikira kuwapeza.

Pa kakhadi komwe mugwire m'manja musalembe zonse. Lembani dzina ndi zilembo zazikulu mmene likumvekera, udindo, nambala ya zaka, ndi mawu oyamba a chiganizo chilichonse. Amene wagwira pepala lodzaza amawerenga, ndipo wowerenga amayang'ana pansi. Chiganizo choyamba ndi chomaliza muziloweze pamtima, kuti muzinene maso ali pa anthu.

Pakakhala womasulira

Misonkhano yathu yambiri kuno imayenda m'zilankhulo ziwiri. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zomwe malamulo a 2013 amazivomereza, ndipo timachinyadira, koma zoona zake n'zakuti adzukulu ambiri amamva Chishona bwino kuposa Chichewa, ndipo apongozi ndi akamwini athu ambiri ndi Ashona. M'mipingo, kuphatikizapo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, ndi m'mabungwe ngati lathu, si zachilendo kuona awiri ataima kutsogolo, wina akunena wina akumasulira.

Zikatero mphindi yanu yagawika pakati. Mawu anu asapitirire 40, ndipo akhale m'ziganizo zazifupi zoti womasulira anyamule chimodzichimodzi:

"Ambiri tinabadwira kuno, koma zitupa zimati ndife obwera. Alendo athu ndi a loya. Kwa zaka 10 athandiza mabanja ngati athu. Atiuza zomwe malamulo a 2013 akunena, ndi mapepala oyenera kunyamula. Mafunso pambuyo pake. Tiwalandire, Mayi Uje."

Mupatseni womasulira pepalali msonkhano usanayambe, ndipo mugwirizane zinthu ziwiri. Choyamba, asawonjezere zake. Omasulira ena ndi alaliki mumtima, ndipo chiganizo cha mawu 6 amachisandutsa ulaliki. Muuzeni mwaulemu kuti lero tikuyenda ndi wotchi. Chachiwiri, dzina litchulidwe kamodzi. Chiganizo chomaliza inu munene "Tiwalandire," iye amasulire, kenako inu mutchule dzina, m'manja mulire. Miyambi muipewe pomwe pali womasulira, chifukwa mwambi umodzi umafuna ziganizo zitatu kuti umveke m'chilankhulo china.

Nanga ulemu wa akuluakulu?

Ndinalonjeza kubwerera ku nkhaniyi, ndipo ndi yomwe imavuta kwambiri pakati pathu. Tinaleredwa kuti ukaima pagulu uyambe ndi a wapampando, abusa, a Shehe, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, a komiti, mpaka achinyamata. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo sindikufuna ufe. Koma ngati aliyense woimirira aubwereza, pa msonkhano umodzi timamva mndandanda womwewo kasanu, ndipo wokha umatha mphindi yathunthu.

Njira yake ndi kupereka ulemuwo malo ake. Akuluakulu alonjeredwe mokwanira, mayina ndi maudindo, pa chiyambi cha msonkhano, ndi wapampando kapena woyendetsa mwambo. Inu musanaime, pitani kwa wapampando mumunong'oneze kuti, "Bambo, poti mwalonjera kale akuluakulu, ine ndingolunjika kwa alendo kuti nthawi yawo isachepe." Sindinakumanepo ndi wapampando amene anakana atapemphedwa chotere. Chomwe amadana nacho ndi kudumphidwa mosadziwitsidwa. Ndipo mukaima, thupi lipereke ulemu womwe pakamwa pasiya: tembenukirani ku tebulo la akuluakulu, weramani pang'ono kapena pindani bondo, manja pamodzi, muti "Zikomo akuluakulu," kenako mutembenukire kwa anthu. Zimatenga masekondi atatu, ndipo aliyense waona kuti munaleredwa.

Ngati muli nokha woyendetsa mwambo ndi wodziwitsa mlendo, lekanitsani ntchito ziwirizi. Lonjerani akuluakulu koyambirira, zidutse zolengeza ndi nyimbo, ndipo kudziwitsa mlendo kudzakhale kwakekwake.

Pa tsikulo

Fikani msanga muyese chinkuzamawu. Imani pomwe mudzaime, munene chiganizo chimodzi, wina akhale kumbuyo kwa holo akuuzeni ngati akumva. Onani pomwe pali sipika kuti musadzayandikire n'kuliza chiphokoso chija. Magetsi akhoza kuthima nthawi ina iliyonse, choncho yesaninso popanda chinkuzamawu, mudziwe mphamvu ya mawu yomwe holoyo ikufuna.

Alendo akafika, alandireni nokha, muwatchulire dzina lawo pamaso pawo komaliza, ndipo muwawerengere mawu anu onse. Ndi masekondi 50 okha. Nthawi zambiri apa m'pamene cholakwa chimagwidwa: zaka si 10 koma 8, kapena ntchito ija anasiya mwezi watha, kapena mutu ausintha pang'ono. Auzeninso kuti, "Mukamva dzina lanu, ndiye nthawi yanu," ndipo akhale pa mpando wakumphepete kuti asadzadumphe miyendo ya anthu.

Nthawi ikakwana, imani, ndipo musayambe msanga. Dikirani. Yang'anani kumbuyo komwe kuli phokoso, mwakachetechete, masekondi atatu kapena anayi. Amaoneka aatali kwa inu, koma bata limeneli limakhazika anthu chete kuposa kukuwa kuti tamverani. Mukayamba anthu akulankhulabe, chiganizo chanu choyamba, chomwe ndi nyambo ya zonse, chimagwera pansi. Ndipo musayambe ndi kupepesa kuti simunakonzeke kapena kuti si inu woyenera. Kudzichepetsa n'kwabwino, koma apa kumangouza anthu kuti zomwe zikubwera n'zosalongosoka.

Polankhula, maso akhale pa anthu. Ambiri amalakwa poyang'ana mlendo nthawi yonse ngati akumuuza iyeyo mbiri yake, anthu n'kumaona msana. Mutembenukire kwa iye pa chiganizo chomaliza chokha, dzanja lotambasula, ndipo dzina mulitchule pang'onopang'ono, mokweza kuposa mawu ena onse. Yambitsani m'manja ndinu. Ngati chinkuzamawu chili m'dzanja, chipanireni kukhwapa kapena chiikeni pa tebulo, chifukwa anthu amadikira kuona wina atayamba.

Musachoke kutsogolo mlendo asanafike. Malo aja akakhala opanda munthu, ngakhale kwa kanthawi, phokoso limabwerera. Mudikireni, mumupatse moni wa dzanja, lamanzere litagwira mkono wamanja monga mwa kwathu, mumupatse chinkuzamawu chili choyatsa, ndipo mukhale pansi pomwe akhoza kukuonani. Musanong'onezane ndi mlembi, musatsegule foni. Anthu amakuyang'anani inu kuti aone ngati mlendoyo ndi woyenera kumumvera, ndipo mmene mwakhalira ndi mmene iwonso akhalire.

Mudziwa kuti zayenda poona zinthu zitatu: mitu yadzuka pa chiganizo chachiwiri, m'manja mwalira kamodzi ndi mwamphamvu, ndipo mlendo wayamba nkhani yake osayamba wakonza zomwe mwanena. Akayamba ndi mawu akuti "Ndingokonza pang'ono," dziwani kuti foni ija simunaimbe bwino.

Zikasokonekera

Mukalakwitsa dzina, konzani pomwepo ndi mawu ochepa: "Pepani mayi, Mayi Uje." Musafotokoze chifukwa chake, musaseke. Kukonza msanga ndi ulemu, kukokera nkhani ndi kuwonjezera manyazi a mlendo.

Zimachitikanso kuti amene munamuyembekeza watumiza mnzake, ndipo mwamva izi mphindi 5 msonkhano usanayambe. Musataye mtima, pakuti theka la mawu anu likadali lamoyo: vuto la anthu silinasinthe. Mutengereni pambali wobwerayo mumufunse dzina, ntchito yomwe amagwira pa nkhaniyi, ndi chomwe anthu atuluke nacho. Pomudziwitsa musati "mwatsoka amene timayembekeza sanabwere." Mawu amenewo amauza anthu kuti alandira makombo. Nenani kuti a Uje atitumizira mnzawo amene amagwira naye ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, ngati zilidi choncho.

Mlendo akakhala wodziwika kwa onse, monga abusa omwe anatumikirapo pa mpingo womwewo, mawu afupike koposa, masekondi 20 akwana. Pewani chizolowezi chonena kuti sasowa kudziwitsidwa kenako n'kuwadziwitsa kwa mphindi 5. Ndiponso muholo simulephera kukhala mkamwini watsopano kapena mtsikana wobwera koyamba amene sakuwadziwa. Nenani chifukwa chomwe abwerera lero ndi chomwe atiuze, kenako dzina.

Nthabwala za mlendo zisiyeni, ngakhale akhale msuweni wanu amene mumaseka naye kunyumba. Chisuweni chili ndi bwalo lake. Pagulu, nthabwala ya kunenepa kwake, ya ukwati wake kapena ya zomwe ankachita ali mnyamata imamuvula ulemu womwe akufunika kuti anthu amukhulupirire pa nkhani yolemera ngati ya zitupa kapena ya matenda.

Ulendo wachiwiri uja, a loya anayamba kulankhula 3 koloko itangopitirira pang'ono, namaliza m'mphindi zawo 20. Mafunso anatenga theka la ola. Gogo uja anabweranso ndi jumbo yake, ndipo anali wachitatu kuimika dzanja. Anatulutsa kalata ya kubadwa ya mwana wake ndi chitupa chakale cha malemu amuna ake, a loya anaziyang'ana pomwepo pa tebulo la nsalu yoyera, namulembera pa kapepala zinthu ziwiri zomwe zinkasowa. A ku Mabvuku ananyamuka dzuwa likadalipo.